Mbuzi ndi mtengo wake: za besi, kwoti ndi kawerengedwe ka pipu



Lero ndafuna tikambirane za malonda a ndalama zakunja. Ambiri mwa ana athu akale ayamba malonda amenewa pa foni, ndipo mafunso amene ndikulandira masiku ano akungozungulira pa mawu atatu: besi, kwoti ndi pipu. Ine si wamalonda ayi, ndine mphunzitsi wa masamu basi. Koma mawu atatuwa ndi masamu okhaokha, masamu a Fomu 2 amene angovala jekete. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti anthu akuyika ndalama za fizi ndi za feteleza pa manambala amene sakudziwa kuwawerenga. Ndiye tiyeni tikhale pansi tiwawerenge modekha.

Tiyambire kumsika. Mukafunsa mtengo wa mbuzi, wogulitsa amati, "Imeneyi ndi K60,000." M'chiganizo chimenechi muli zinthu ziwiri. Pali katundu, amene ndi mbuzi, ndipo mbuziyo ndi imodzi. Palinso ndalama imene tikuyezera katunduyo, imene ndi kwacha. Nambala ya 60,000 ndi ya makwacha, si ya mbuzi. Palibe amene amasokonezeka pamenepa, chifukwa mbuzi imalira pomwe kwacha salira.

Vuto limabwera pamene katundu nayenso ndi ndalama. Munthu akamagula dola ndi kwacha, mbali zonse ziwiri ndi mapepala okhala ndi manambala, ndiye pamafunika kugwirizana kuti mbuzi ndi iti ndipo mtengo ndi uti. Amalonda anagwirizana kuti ndalama yolembedwa koyamba ndiye katundu, ndipo amaitcha besi. Yolembedwa kachiwiri ndiye yoyezera mtengo, ndipo amaitcha kwoti. Mukaona EUR/USD 1.0850, werengani chonchi: yuro imodzi mtengo wake ndi madola 1.0850. Mukaona USD/JPY 150.00, dola imodzi mtengo wake ndi mayeni 150 a ku Japani. Besi nthawi zonse imakhala imodzi, ndipo nambala imene mukuionayo imawerenga kwoti. (Mitengo imeneyi ndaisankha kuti masamu ayende bwino. Ya lero muione nokha, imasintha mphindi iliyonse.)

Zilembo zitatuzitatuzi zimachokera ku mndandanda wa dziko lonse wotchedwa ISO 4217. Kawirikawiri ziwiri zoyamba ndi za dziko, chachitatu ndi cha ndalama. Motero MWK ndi kwacha ya Malawi, ZMW ndi kwacha ya Zambia, ZAR ndi randi ya ku Joni, ndipo JPY ndi yeni.

Kwa aphunzitsi anzanga a masamu, pali msampha umodzi woti tiwachenjeze ana. Kamzere kali pakati pa EUR ndi USD kamaoneka ngati ka fulakishoni, ndiye mwana amaganiza kuti nambalayo ndi "mayuro pa dola imodzi", monga timanenera makilomita pa ola. Koma ndi motembenuza: ndi madola pa yuro imodzi. Ine ndimawauza kuti kamzereko akawerenge ngati mawu akuti "mtengo wake mu". EUR/USD ndi yuro, mtengo wake mu madola. Akatero, zina zonse zimatsatira zokha. Nambala ikakwera, besi yakwera mtengo, kutanthauza kuti kwoti yafooka. Mukadina BUY pa EUR/USD, mwagula yuro ndipo mwalipira ndi madola. Mukadina SELL, mwagulitsa yuro n'kulandira madola. Mabataniwo amakamba za mbuzi, sakamba za ndalama yolipirira.

Ndi chimodzimodzi pa bolodi la ku banki kapena kumalo osinthira ndalama. Pamakhala mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, ndipo onsewo akunena zimene eni malowo achite ndi besi. Tiyerekeze kuti pa randi alemba 95 ndi 100. Mchimwene wanu wa ku Joni wakupatsani marandi 1,000. Mukapita nawo, iwo akugula randi kwa inu pa mtengo wotsikawo, ndipo mulandira K95,000. Mukasintha maganizo muli pakhomo pomwepo n'kubwerera kuti mugulenso marandi, akugulitsani pa 100, ndipo K95,000 yanu ikupatsani marandi 950 okha. Marandi 50 atsala komweko. Mpata wa pakati pa mitengo iwiriyi amautcha sipuredi, ndipo ndi pamene wosintha ndalama amadyera.

Tsono funso ndi lakuti, ndani anasankha kuti yuro ikhale mbuzi pamaso pa dola, pomwe dola yomweyo ndi mbuzi pamaso pa yeni? Masamu salamula zimenezi. Mukhoza kulemba mtengo uliwonse motembenuza: ngati yuro imodzi ndi madola 1.0850, dola imodzi ndi 1 kugawa ndi 1.0850, amene ndi mayuro 0.9217. Onse awiri ndi oona. Koma amalonda awiri, wina ali ku London wina ku Tokyo, akamagulitsana mamiliyoni m'masekondi ochepa, sangayambe afunsana kaye kuti mbuzi ndi iti. Mmodzi akati "ndagula", onse ayenera kumva chinthu chimodzi. Ndiye panakhazikika mwambo wa ukulu, monga momwe pamudzi timadziwira woyamba kusamba m'manja. Mwa ndalama zikuluzikulu, yuro imayamba, kenako paundi ya ku Mangalande, dola ya ku Ositireliya, dola ya ku Nyuzilandi, dola ya ku Amereka, dola ya ku Kanada, furanki ya ku Siwizalandi, ndipo yeni ili kumapeto. Ziwiri zikakumana, imene ili patsogolo pa mzerewu ndiye besi. N'chifukwa chake timaona EUR/GBP, GBP/USD, AUD/USD, USD/CHF ndi USD/JPY.

Mzere umenewu unapangidwa ndi mbiri. M'zaka za m'ma 1800 paundi ndiyo inali ndalama yaikulu ya malonda a dziko lonse, ndipo ena onse ankanena mtengo wa paundi mu ndalama zawo. Chingwe cha telegalafu chitayalidwa pansi pa nyanja ya Atlantic n'kuyamba kugwira ntchito mokhazikika mu 1866, mtengo wa paundi mu madola unkadutsa m'chingwemo, moti mpaka lero amalonda amatcha GBP/USD ndi dzina la Chingerezi lotanthauza chingwe. Panalinso chifukwa china chimene agogo athu angachimvetse msanga. Kufikira 1971, paundi inali ndi mashereni 20, ndipo shereni iliyonse inali ndi makobiri 12. Ifenso kuno tinkawerenga choncho mpaka kwacha itabwera m'chaka chomwecho, K2 kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Kunena mtengo wa dola mu mashereni ndi makobiri ndi zidutswa za kobiri kunali kudzivutitsa, pomwe kunena mtengo wa paundi mu madola ndi masenti kunali kosavuta. Maiko a Ositireliya ndi Nyuzilandi nawonso anali ndi mapaundi awo mpaka 1966 ndi 1967, ndipo atasintha n'kukhala ndi madola, malo awo pa mzere anawasunga.

Dola ya ku Amereka inatenga ukulu pambuyo pa msonkhano wa ku Bretton Woods mu 1944, pamene maiko ambiri anamangirira ndalama zawo ku dola. Mwachitsanzo, kuyambira 1949 mpaka 1971 dola imodzi inali mayeni 360 osasintha. Chizolowezi chonena "dola imodzi ndi zakuti" chinakhazikika, ndipo ndi chimene ifenso timatsata tikamati dola ili pa makwacha akuti. Yuro ndi mwana wa dzana, inabadwa pa 1 Januwale 1999, koma inabadwira ku banja lachifumu: eni ake anafuna kuti izilembedwa koyamba pamaso pa ndalama ina iliyonse, ndipo msika unavomera.

Apa tichotseretu bodza limodzi limene ndimalimva kawirikawiri, lakuti besi ndi ndalama yamphamvu kuposa inzake. Si choncho. Yuro imodzi sinafikepo pa paundi yathunthu, koma EUR/GBP imalembedwabe yuro koyamba. Mu Okutobala 2000 yuro inatsika kufika pa masenti pafupifupi 82 a dola, mu Julaye 2008 inakwera kufika pafupifupi madola 1.60, ndipo mu 2022 inatsikanso pansi pa dola imodzi. M'nyengo zonsezi inakhalabe besi. Malo pa mzere ndi a mwambo, satengera mphamvu ya tsikulo.

Mwina wina akuti, "Aphunzitsi, ine sindichita nawo malonda a pa foniwo, zimenezi zindithandiza chiyani?" Tiyeni tibwere kwathu. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino inasintha mtengo wogulitsira dola kuchoka pa K1,180.29 kufika pa K1,700, ndipo zinalengezedwa kuti kwacha yatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Tengani cholembera. Kuchoka pa 1,180.29 kufika pa 1,700 ndi kukwera kwa 519.71, ndipo 519.71 kugawa ndi 1,180.29 ndi 0.44. Zoonadi, 44 peresenti ilipo. Koma ndi ya ndani? Mu USD/MWK mbuzi ndi dola. Chimene chinakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola.

Kuti tione zimene zinachitikira kwacha, tiyenera kuyika kwacha pa malo a mbuzi. Munthu amene anali ndi K100,000 akanagula madola 84.72 pa mtengo wakale. Pa mtengo watsopano K100,000 yomweyo inkagula madola 58.82. Wataya madola 25.90 mwa 84.72, kumene ndi pafupifupi 31 peresenti. Ndiye chochitika chimodzi chili ndi manambala awiri, 44 ndi 31, ndipo onse ndi oona malinga munene kuti mukuyeza chiyani. Wogula katundu kunja, amene ayenera kupeza madola, amamva ululu wa 44. Wosunga makwacha amene akufunsa kuti chuma chake chatsala chotani, yankho lake ndi 31. Zinachitikanso mu Meyi 2012, pamene dola inachoka pa K168 kufika pa K250: ena ankati kwacha yagwa ndi pafupifupi theka, ena ankati ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Onse ankawerenga manambala omwewo, anangosiyana mbuzi.

Pali njira yachidule yogwirira munthu amene wasokoneza mbali ziwirizi. Mtengo wa dola ukhoza kukwera ndi 200 kapena 900 peresenti, palibe denga. Koma ndalama singataye mphamvu yoposa 100 peresenti, chifukwa ikataya 100 ndiye kuti yasanduka pepala wamba. Kuchoka pa K168 kufika pa K1,700, mtengo wa dola unachulukitsidwa kakhumi, pomwe kwacha inataya pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu yake pamaso pa dola. Mukamva wina pa wailesi kapena pa maliro akuti kwacha yagwa ndi 900 peresenti, dziwani kuti waika mtengo pa malo a mbuzi.

Tsopano tifike pa pipu. Pa msika wa ndalama zikuluzikulu mitengo siyenda ngati ya kwacha ija. Imayenda pang'onopang'ono, kumapeto kwenikweni kwa nambala. Kunena kuti "yuro yakwera ndi madola 0.0035" n'kovuta pakamwa, ndiye amalonda anapatsa dzina kagawo kamodzi kakang'ono ka mtengo. Pa ndalama zambiri, pipu imodzi ndi 0.0001 ya kwoti, kutanthauza nambala yachinayi pambuyo pa kadontho. EUR/USD ikachoka pa 1.0850 kufika pa 1.0885, chotserani: mupeza 0.0035. Gawani ndi 0.0001: mapipu 35.

Pamene kwoti ndi yeni, pipu ndi 0.01, nambala yachiwiri pambuyo pa kadontho. USD/JPY ikachoka pa 150.00 kufika pa 150.35, amenewonso ndi mapipu 35. Chifukwa chake n'chosavuta. Yeni imodzi ndi kandalama kakang'ono, kosafika ndi senti imodzi ya dola pa mtengo umenewu, ndiye 0.0001 ya yeni ndi fumbi losayenera kuliwerenga. Mukayerekeza, 0.0001 pa 1.0850 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa 10,850, ndipo 0.01 pa 150 ndi gawo limodzi mwa 15,000. Mapazi awiriwa ndi osatalikirana kwenikweni kukula kwake.

Chenjerani ndi zimene foni ikukuonetsani. Mapulogalamu ambiri masiku ano amawonjezera nambala imodzi kumapeto, n'kulemba 1.08503 kapena 150.004. Nambala yomalizayo si pipu, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a pipu, ndipo nthawi zambiri amailemba yaing'ono kuposa zinzake. Kuchoka pa 1.08500 kufika pa 1.08850 ndi mapipu 35, osati 350. Mmene mungadziwire ndi kuwerenga manambala a pambuyo pa kadontho: akakhala asanu, kapena atatu pa yeni, womalizayo muphimbe ndi chala.

Pipu payokha si ndalama, monga momwe sentimita payokha si nsalu. Kuti mudziwe ndalama zimene pipu imodzi ikubweretsereni kapena kukulandani, muyenera kudziwa kuti mwagula mbuzi zingati. Kuchuluka kwa besi amakuyeza m'maloti. Loti imodzi yathunthu ndi 100,000 ya besi. Pa foni mukalemba 1.00 mwatenga 100,000, mukalemba 0.10 mwatenga 10,000, ndipo 0.01 ndi 1,000. Lamulo lake ndi ili:

```
mtengo wa pipu (mu kwoti) = kukula kwa pipu x kuchuluka kwa besi
EUR/USD:  0.0001 x 100,000 = 10 USD
USD/JPY:  0.01   x 100,000 = 1,000 JPY
```

Onetsetsani mawu ali m'mabulaketiwo. Yankho limatuluka mu kwoti nthawi zonse. Chifukwa chake ndi chomwe chija cha kumsika: mtengo wa mbuzi ukakwera ndi K500 ndipo muli ndi mbuzi 20, mwapindula K10,000, makwacha osati mbuzi. Pamenepa ndi pamene besi ndi kwoti zikukumana ndi pipu, ndipo amene sanamvetse gawo loyamba lija amagwera pano.

Tiyerekeze kuti akaunti yanu ili mu madola a ku Amereka, monga zimakhalira kwa ambiri. Pali njira zitatu zimene nkhani ingayendere. Yoyamba, dola ndiyo kwoti, monga mu EUR/USD kapena GBP/USD. Apa ntchito yatha kale: pipu ndi madola 10 pa loti yathunthu, dola imodzi pa 0.10, ndi masenti 10 pa 0.01, kaya mtengo uli pati.

Yachiwiri, dola ndiyo besi, monga mu USD/JPY. Pipu yatuluka mayeni 1,000, ndipo tiyenera kuwasintha akhale madola. Dola imodzi ndi mayeni 150, ndiye tigawa: 1,000 kugawa ndi 150 ndi madola 6.67. Onani kuti nambala imeneyi siikhazikika. Dola ikakwera kufika pa mayeni 160, monga inachitira mu 2024, pipu yomweyo imakhala madola 6.25. Ndi randi kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Pa USD/ZAR 18.0000, pipu ya loti yathunthu ndi marandi 10, amene ndi masenti 56 okha a dola. N'chifukwa chake mnyamata akamadzitama kuti "ndadya mapipu 500 lero", mufunseni kuti pa ndalama ziti komanso pa loti yotani. Mapipu 500 pa randi, pa loti ya 0.01, safika ndi madola atatu omwe.

Yachitatu, dola palibe mbali zonse, monga mu EUR/GBP. Pipu ya loti yathunthu ndi mapaundi 10. Kuti tiwasinthe, tiyang'ana GBP/USD, tinene kuti ili pa 1.2500. Apa paundi ndi besi, ndiye tichulukitsa: 10 kuchulukitsa ndi 1.2500 ndi madola 12.50. Pa yeni tinagawa, pa paundi tachulukitsa, ndipo ana ambiri amafunsa kuti adziwa bwanji. Lamulo ndi limodzi. Ukakhala ndi besi m'manja n'kufuna kwoti, chulukitsa, monga mwini mbuzi amene akuwerenga ndalama zimene alandire. Ukakhala ndi kwoti n'kufuna besi, gawa, monga munthu wa ndalama amene akuwerenga mbuzi zimene agule. Kenako yesa yankho ndi nzeru za kubadwa nazo: paundi ndi yaikulu kuposa dola, ndiye mapaundi 10 ayenera kupereka madola oposa 10. Ukapeza 8, wagawa pofunika kuchulukitsa.

Ndikupatseni nkhani ya mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, dzina ndisunga. Anabwera kwathu tsiku lina Loweruka ndi foni yake, akudandaula kuti kampani imene anatsegulako akaunti yamubera. Anayikamo madola 100. Anagula EUR/USD, loti ya 0.10, madzulo, ndipo pofika m'mawa theka la ndalama zake linali litapita. "Aphunzitsi," anatero, "mtengo sunasinthe n'komwe. Dzulo unali 1.08, lero ulinso 1.08."

Tinatenga pepala. Pamene ankagula, pa foni panali mitengo iwiri, 1.08500 ndi 1.08520. Wogula amalipira wokwerawo, ndiye iye analowa pa 1.08520. Akanati agulitse nthawi yomweyo akanalandira 1.08500, kutanthauza kuti anayamba ulendo ali kale ndi ngongole ya mapipu 2, sipuredi ija ya marandi 50 yabweranso. M'mawa mwake mtengo wogulitsira unali 1.08020. Kuchotsera, 1.08520 kuchotsa 1.08020 ndi 0.00500, mapipu 50. Loti ya 0.10 ndi mayuro 10,000, ndiye pipu iliyonse ndi dola imodzi. Mapipu 50 ndi madola 50. Palibe anamubera. Masamu anangogwira ntchito yawo iye ali mtulo.

Chimene chinamudabwitsa kwambiri ndi pamene ndinamufunsa kuti anagula katundu wa ndalama zingati. Iye ankati wa madola 100. Koma mayuro 10,000 pa 1.0852 ndi katundu wa madola 10,852, kuposa ndalama zake ka 108. Kampaniyo inamulola kunyamula katundu yense uja pongosungitsa kachikole kakang'ono, zimene amazitcha levareji. Yuro inatsika ndi 0.46 peresenti yokha, zimene zimachitika pa tsiku wamba popanda nkhani iliyonse yaikulu. Koma 0.46 peresenti ya madola 10,852 ndi madola 50, ndipo madola 50 amenewo sachotsedwa pa katundu wobwereka, amachotsedwa pa 100 yake ija. Mapipu ena 50 akanamutsiriza, ndipo kampani ikanatseka malondawo yokha asanafike n'komwe pamenepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kenako tinawerenga chobwerera m'mbuyo, mmene amayenera kuyambira. Ndinamufunsa ndalama zimene akanalola kutaya pa malonda amodzi osasowa tulo. Anati madola 2. Ngati akulola mtengo kumutsutsa ndi mapipu 50 asanatuluke, ndiye kuti pipu iliyonse isapose 2 kugawa ndi 50, amene ndi masenti 4. Masenti 4 kugawa ndi 0.0001 ndi mayuro 400. Koma loti yaing'ono kwambiri imene pulogalamu yake inkalola ndi 0.01, mayuro 1,000, pomwe mapipu 50 ndi madola 5. Pepala linamuuza chimene amene anamukopa uja sanamuuze: ndi madola 100, ngakhale loti yotsikitsitsa inali yoposa msinkhu umene iye mwini anasankha. Anakhala chete kanthawi, kenako anapempha pepalalo kuti apite nalo.

Ndiwonjezere malire awiri a masamu amenewa, kuti wina asaganize kuti akadziwa kuwerenga pipu ndiye kuti watetezeka. Loyamba, mtengo sumayenda pipu imodziimodzi nthawi zonse, nthawi zina umadumpha. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya ku Siwizalandi inasiya mwadzidzidzi kutchinjiriza EUR/CHF pa 1.20, ndipo m'mphindi zochepa mtengo unagwa ndi mapipu masauzande, kufika pansi pa 1.00. Amene analamula kuti atuluke akataya mapipu 50 sanapeze wogula pa mtengo umenewo, ndipo ena anatsala ndi ngongole yoposa zimene anayika. Lachiwiri, kudziwa mtengo wa pipu sikukuuzani kumene msika ulowere mawa. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya zachuma ku Ulaya, ESMA, linanena kuti mwa maakaunti 100 alionse a anthu wamba ochita malonda a mtundu umenewu, pakati pa 74 ndi 89 amataya ndalama, ndipo linalamula kuti levareji isapose ka 30 pa ndalama zikuluzikulu. Mnyamata wathu uja anali pa 108.

Kwa aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi lakuti tikafika pa mutu wa kusintha ndalama, tisamangopereka mtengo umodzi n'kuuza ana kuti achulukitse. Tiwapatse mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, asankhe okha woyenera. Tiwapatse 1,180.29 ndi 1,700 apeze 44 ndi 31, kenako afotokoze m'Chichewa chawo kuti nambala iliyonse ndi ya ndani. Ndipo pa yankho lililonse alembe dzina la ndalama pambali pa nambala, chifukwa nambala yopanda dzina ndiyo imasocheretsa.

Kwa inu ana anga akale, simungachoke opanda ntchito ya kunyumba. Funso loyamba: mwagula GBP/USD, loti ya 0.20, pa 1.2500, ndipo mwagulitsa pa 1.2465. Funso lachiwiri: mwagula USD/JPY, loti ya 0.10, pa 150.00, ndipo mwagulitsa pa 150.40. Pezani mapipu, mtengo wa pipu, ndi phindu kapena kutaya mu madola. Phimbani mzere wotsatirawu mpaka mutamaliza.

Loyamba, mwataya mapipu 35 pa madola 2 iliyonse, madola 70. Lachiwiri, mwapindula mapipu 40 pa mayeni 100 iliyonse, mayeni 4,000, amene mukagawa ndi 150.40 ndi madola 26.60. Ngati mwapeza zosiyana ndi izi, ndalama zanu zikhale kaye m'thumba, mubwerezenso kuwerenga. Amene wakhoza onse awiri aphunzitse mnzake mmodzi sabata ino.